Mbatata, chinangwa kapena chilazi? Yankho lili podula mpeni

Malonda ambiri a zokolola masiku ano amayambira pa foni. Mlimi wa ku Nkhotakota amajambula mulu wa zomwe wakumba m'mawa, n'kutumizira wogula amene ali ku Lilongwe, ndipo mtengo amaugwirizana galimoto isananyamuke. Kumsika wogula amanyamula chinthu m'manja, n'kuchikanda ndi chikhadabo, mwinanso kuthyolako pang'ono kuti alawe. Pa chithunzi zonsezo palibe. Patsala maso okha, ndipo mbatata, chinangwa ndi chilazi zikakhala ndi dothi lake zimatha kufanana moti ngakhale munthu wokulira kumudzi amayamba wakayika.

Pa chithunzi pali malo atatu ofunika kuyang'ana: khungu, kaumbidwe ndi podula. Atatuwa salemera mofanana. Khungu limanamiza kawirikawiri, kaumbidwe kamachepetsa chikayiko, koma podula ndi pamene nkhani imathera. Chifukwa chake chili m'mene mbewu iliyonse imapangira chakudya chake pansi pa nthaka.

Zomera zitatu zosiyana mtundu

Ngakhale zimagulitsidwa moyandikana pamsika, mbewu zitatuzi si zapachibale. Mbatata ya kholowa ndi chomera choyanga pansi, ndipo chimene anthu amadya ndi muzu umene watupa pakati. Imakhwima msanga, miyezi itatu mpaka isanu, choncho khungu lake silikhala ndi nthawi yokhakhala.

Chinangwa ndi kamtengo. Chili m'banja limodzi ndi nsatsi komanso mtengo wa mphira, ndipo chimakhala m'munda miyezi 9, chaka, pena zaka ziwiri. Nachonso ndi muzu wotupa, koma muzu wa mtengo, wokhala ndi khungwa lake ndi mtsitsi wolimba pakati. Zizindikiro zonse zodalirika za chinangwa zimachokera pa mfundo imeneyi.

Chilazi n'china. Chomera chake chimakwera mitengo, ndipo chimene chimakumbidwa si muzu weniweni koma chotupa chochokera patsinde. Chili m'gulu lalikulu limodzi ndi chimanga ndi nthochi. Amene anadulapo phesi laliwisi amadziwa kuti mkati mwake mulibe mizere yozungulira ngati ya mtengo, muli timadontho tobalalika. Chilazi chilinso choncho, ndipo zimenezi zimaoneka pa chithunzi chojambulidwa bwino. Ku Malawi chilazi chimalimidwa pang'ono, kawirikawiri pafupi ndi nyumba, pamene ku Nigeria, dziko limene limakolola pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zilazi zonse za padziko lapansi, ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za chilazi zimene anthu amaziona pa foni n'zochokera kumadzulo kwa Africa.

Khungu: osadalira mtundu wake

Cholakwa chofala ndi kuyamba ndi mtundu. Munthu amaona khungu lofiira n'kunena kuti ndi mbatata, akaona lakhofi akuti chinangwa. Nthawi zina amalondola, chifukwa khungu lofiira kapena lapepo loyera bwino pa zitatuzi limapezeka kwambiri pa mbatata. Koma mbatata yambiri ya ku Malawi ili ndi khungu loyererako, ndipo ikakumbidwa m'dothi la katondo imaoneka yofiirira, ikakumbidwa m'dambo imaoneka yakuda. Chinangwa ndi chilazi nazonso zimavala mtundu wa dothi la m'munda wake. Kuwala kwa babu la m'nyumba kumaonjezera chikasu pa chilichonse, ndipo mafoni ambiri amakoleza mitundu paokha. Choncho mtundu ndi umboni wofooka.

Chofunika ndi kukhakhala kwa khungu ndi mmene lasupukira. Pafupifupi mulu uliwonse uli ndi chimodzi chimene khasu linachikhudza kapena chimene chinakhulana ndi chinzake m'thumba, ndipo pamenepo ndi pofunika kukulitsa chithunzi ndi zala.

Khungu la mbatata ndi lopyapyala komanso losalala. Likasupuka limachoka kakhungu kochepa zedi, ndipo pansi pake pamaoneka mnofu nthawi yomweyo. Pathupi pake pamakhala timaenje tosaya, tambiri tili m'mizere yotsika m'litali, mmene munachokera timizu. Mitundu ina imakhala ndi misempha yotukuka pakhungu. Mbatata yokumbidwa masiku angapo apitawo imaonetsanso madontho akuda omata, makamaka kunsonga. Amenewo ndi utomoni wake woyera umene unatuluka pothyola, n'kuda utauma ndi fumbi.

Chinangwa chili ndi makungu awiri. Lakunja ndi lakhofi, louma, lopyapyala, ndipo limafundukafunduka lokha. Pansi pake sipakhala mnofu koma khungu lachiwiri lochindikala, la milimita imodzi kapena ziwiri, loyera, lachikasu pang'ono, kapena lapinki. Pa chithunzi, chigamba chapinki kapena choyera chosalala pakati pa khungu lakhofi chimaloza chinangwa. Mizere ya pakhungu nayonso imathandiza: pa chinangwa makwinya ndi timizere zimazungulira muzu mopingasa, osati kutsika m'litali.

Khungu la chilazi ndi lokhakhala kuposa onse, lakhofi woderako, long'alukang'aluka, ndipo ming'alu yambiri imatsika kuchokera kumutu. Chizindikiro chake chachikulu ndi timizu tolimba tomera pathupi, tambiri kumutu. Ogulitsa amatimeta, koma tizitsa take timatsala, tooneka ngati timadontho totukuka. Chinangwa chilibe timizu totere pathupi lonse. Chimodzi chimene chimadabwitsa anthu n'chakuti khungu la chilazi, ngakhale likuoneka lolimba, si lochindikala. Limamatirira ku mnofu ndipo silichoka popanda mpeni.

Kaumbidwe: kuyang'ana kumutu ndi kumchira

Pakati pa thupi zitatuzi zimatha kufanana. Kusiyana kuli kumapeto.

Mbatata imasongoka mbali zonse ziwiri. Kaya ndi yozungulira, kaya ndi yaitali, imatupa pakati n'kuonda kumutu ndi kumchira, chifukwa unali muzu woonda umene unanenepa chapakati. Kumene inalumikizana ndi kholowa kumatsala kachingwe koonda kothyoka ndi zala. Mbatata yambiri ya pamsika imatalika masentimita 10 mpaka 25, ndipo mulu umodzi umakhala ndi zazikulu, zazing'ono, zopindika ndi zozungulira pamodzi.

Chinangwa chimanenepa kumutu n'kumaonda pang'onopang'ono mpaka kumchira. Chimakhala chachitali poyerekeza ndi kunenepa kwake, masentimita 20 mpaka 50 kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri chimaongoka. Kumutu kwake kuli khosi lamtengo, lolimba, limene limadulidwa ndi chikwanje kapena kupotokola. Pa chithunzi khosilo limaoneka ngati kamtengo kodulidwa, kolimba ndi kaulusi. Ngati chajambulidwa chili chizulire, mizu inayi mpaka isanu ndi itatu imaoneka ikuchokera pa tsinde limodzi lamtengo, ndipo apo chikayiko chimatha.

Chilazi chakumadzulo kwa Africa chimakhala chonenepa mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mchira wake ndi wobuntha, wosasongoka. Chimodzi chimalemera makilogalamu awiri mpaka asanu, zina kuposa apo, ndipo phando limodzi kawirikawiri limabala chimodzi chachikulu. Kumutu kuli chotupa cholimba, chamakwinya, pomwe panamera tsinde ndi mizu. Chikakumana ndi mwala kapena dothi louma chimagawanika kumunsi n'kupanga nthambi zazifupi zonenepa. Mitundu ina, makamaka chilazi chamadzimadzi chimene chinachokera ku Asia, ilibe kaumbidwe kamodzi: china chimaphwatalala, china chimagawika pambiri.

Mphukira ndi umboni wina wamphamvu. Mbatata ikakhalitsa imaphuka timphukira tambiri tamasamba, ndipo alimi ena amapezera mbewu njira yomweyo. Chilazi chimaphuka kumutu, mphukira imodzi kapena zingapo zonenepa, zazitali, zoyamba popanda masamba. Muzu wa chinangwa suphuka konse, chifukwa ulibe maso. N'chifukwa chake chinangwa chimadzalidwa ndi mitengo yake. Chinthu chilichonse chimene chikuphuka pa chithunzi si chinangwa.

Vuto la kaumbidwe ndi lakuti ogulitsa amadula nsonga. Chinangwa chachitali chimathyoledwa kuti chilowe m'thumba, chilazi chachikulu chimagulitsidwa m'zidutswa, ndipo mbatata yaitali yoonda ikatayika nsonga zake imaoneka ngati chinangwa chaching'ono. Komanso chithunzi sichionetsa kukula ngati palibe chinthu chodziwika pambali. Mbatata yojambulidwa pafupi kwambiri imadzaza chithunzi mofanana ndi chilazi cha makilogalamu anayi.

Podula: pamene palibe chobisika

Munthu akadula mopingasa n'kujambula pomwepo, chilichonse mwa zitatuzi chimaonetsa kamangidwe kake.

Chinangwa ndiye chosavuta. Kuyambira kunja kumaoneka kamzere kakhofi, kenako mkombero wa khungu lachiwiri lija, wolekana bwino ndi mnofu ndi kamzere koonekeratu. Mnofu ndi woyera mbuu, wouma, wolimba, pena wokhala ndi mikombero yosaoneka bwino. Pakati penipeni pali kadontho kolimba: mtsitsi uja umene aliyense amauchotsa akamadya chinangwa chophika. Nthawi zina kuchokera pakatipo pamayambira timing'alu. Chikang'ambidwa m'litali mtsitsiwo umaoneka ukuyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Mbatata ndi chilazi zilibe mtsitsi wapakati wotere. Chikasendedwa pa chithunzipo, makoko ake amanenanso zoona: munthu amacheka mzere umodzi, n'kulowetsa mpeni pansi, khungu lonse n'kufunduka lathunthu monga khungwa la mombo pofula luzi. Makoko opindika, ochindikala, oyera mkati ndi akhofi kunja ndi a chinangwa basi.

Podula pa mbatata pamatuluka timadontho ta utomoni woyera ngati mkaka pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri. Timachuluka mozungulira pafupi ndi khungu, tina n'kubalalika chapakati. Chinangwa chatsopano nachonso chimatulutsa mkaka pang'ono, koma wake umachokera m'khungu lochindikala lija, osati m'mnofu. Mbatata ilinso ndi mkombero, mamilimita ochepa kuchokera pakhungu, ndipo anthu ena amausokoneza ndi wa chinangwa. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mbatata ndi mzere chabe wa m'mnofu umodzimodzi, mbali zonse n'zomatana, pamene wa chinangwa ndi malire a zinthu ziwiri zolekana. Mnofu wa mbatata ndi wosalala, wothinana, ndipo ukakhala pamphepo umayamba kuderako kapena kuchita mawanga otuwa.

Mtundu wa mkati umathandiza pa mbatata yokha ya olenji. Mitundu monga Zondeni, ndi ina imene inatulutsidwa mu 2011 monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, inafalitsidwa m'Malawi chifukwa cha vitamini A, ndipo ina mwa iyo ili ndi mnofu wa olenji wokolera umene sumapezeka pa chinangwa kapena chilazi. Koma chikasu chopepuka sichitsimikiza kanthu. Kuli mbatata yachikasu, kuli chilazi chachikasu cha kumadzulo kwa Africa, ndipo ku Nigeria mu 2011 anatulutsa chinangwa chachikasu. Choyera ndiye chili m'mitundu yonse itatu.

Podula pa chilazi pamanyezimira chifukwa mnofu wake uli ndi madzi oterera, onanda, amene amayabwa m'manja mwa anthu ena. Pa chithunzi pamaoneka ponyowa, ndipo pampeni pamatsala thovu kapena ulusi wonanda. Mnofu suli wosalala koma wa timachenga, timadontho ting'onoting'ono tobalalika paliponse. Palibe mkombero wochindikala, palibe mtsitsi wapakati, palibe mkaka. Khungu limangokhala kamzere kakuda kumphepete. Mitundu yambiri ya chilazi imasintha mtundu msanga ikadulidwa, imafiirira kapena kuchita khofi, makamaka chakumutu.

Mulu wa m'thumba: chitsanzo chimodzi

Tiyerekeze mayi wogulitsa zophika m'mawa pa msika wina ku Lilongwe. Mnyamata amene amamugulira katundu kumudzi wamutumizira chithunzi cha thumba lotsegula, n'kulemba kuti wapeza katundu wotchipa, atumize ndalama. Chithunzicho chajambulidwa madzulo m'nyumba. M'thumbamo muli zinthu zazitali, zakhofi wofiirira, zamatope, zambiri zothyoka nsonga.

Pa chithunzi choyambachi mayiyo angathe kuchotsapo chimodzi chokha. Zinthuzo n'zambiri, n'zoonda mofanana, ndipo palibe chokhala ndi timizu pathupi kapena mutu wamakwinya, choncho chilazi n'chokayikitsa. Koma pakati pa chinangwa chaching'ono ndi mbatata yaitali yoyera khungu yopakika katondo, chithunzi sichikunena. Kufiirirako kungakhale dothi, kungakhale babu.

Mayiyo akupempha chithunzi chachiwiri: chimodzi chitsukidwe, chiikidwe panja pamthunzi, pambali pake paikidwe bokosi la machesi. Bokosi la machesi limatalika pafupifupi masentimita asanu, ndipo chinthucho chikukwana mabokosi asanu ndi limodzi, kutanthauza masentimita 30. Kunenepa kwake ndi bokosi limodzi kumutu, kucheperako kumchira. Dothi litachoka, khungu latsala lakhofi, louma, ndi timizere topingasa, ndipo pamene linasupuka pakuoneka chigamba chosalala choyererako chimene si mnofu. Kumutu kwatsala kachidutswa ka khosi lamtengo. Zonsezi zikuloza chinangwa.

Chithunzi chachitatu ndi cha podula, ndipo chikutsimikiza: mkombero wochindikala, mnofu woyera, kadontho kolimba pakati. Koma chikuonetsanso china chimene mnyamata uja sananene. Mozungulira mnofu, chakufupi ndi khungu, muli timadontho ndi timizere takuda mobiriwira. Chinangwa chimayamba kuonongeka chokha pakangopita tsiku limodzi mpaka atatu chikumbidwire. Mpweya ukalowa pa mabala, misempha ya mkati imada, kuyambira pothyoka n'kumalowa mkati, ndipo chinangwa chotere sichifewa bwino pophika komanso chimasintha kakomedwe. Timizereto tikunena kuti katunduyo sanakumbidwe lero, ndipo pofika mawa ku Lilongwe adzakhala ataipiratu. Kutchipa kuja kwapeza chifukwa chake. Kuti adziwe kukula kwa vutolo, mayiyo angapemphe kuti adule china chosathyoka, pakati penipeni, chifukwa chothyoka ndicho chimayamba kuda. Ngati nachonso chili ndi mizere, thumba lonse ndi lokhalitsa.

Zilema zimene zimatchula dzina la mbewu

Monga chitsanzochi chikuonetsera, matenda ndi zilema nazo zimathandiza kuzindikira, chifukwa mbewu iliyonse ili ndi zake.

Kupatula mizere yakukhalitsa ija, chinangwa cha m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga, chimagwidwa ndi matenda oola mizu amene anayamba kulembedwa ku Tanzania m'zaka za m'ma 1930. Podula pamaoneka zigamba zouma, zolimba, zachikasu kapena zakhofi, ndipo kunja muzu umatha kukhala wofinyika m'malo angapo. Kusiyana kwake ndi kukhalitsa n'kwakuti zigambazi zimapezeka ngakhale chinangwa changozulidwa kumene.

Mbatata mdani wake ndi nankafumbwe, amene amalowa pa ming'alu ya dothi nyengo yadzuwa. Kunja kumaoneka timabowo takuda, mkati muli tinjira tokhotakhota todzaza zinyenyeswa zakhofi, ndipo mbatata yotere imawawa. Tinjira totere pa mnofu wosalala ndi chizindikiro cha mbatata. Chilazi chosungidwa nthawi yaitali chimang'aluka khungu, ndipo pansi pa khungu pamakhala kuola kouma kwakhofi kozungulira m'mphepete, mkati muli bwinobwino.

Zithunzi za kunja ndi mawu olembedwa pansi pake

Mawu olembedwa pansi pa chithunzi si umboni. Munthu akalemba yam pofufuza pa intaneti, zithunzi zambiri zimene zimabwera n'za mbatata ya olenji. Chifukwa chake n'chakuti ku America mbatata yofewa ya olenji imagulitsidwa ndi dzina limenelo, ndipo alimi a ku Louisiana analifalitsa m'zaka za m'ma 1930 pofuna kusiyanitsa mbatata yawo ndi ya madera ena. Khungu losalala, nsonga ziwiri ndi mnofu wa olenji zimaulula kuti ndi mbatata, kaya pansi palembedwa chiyani.

Chinthu chachinayi chimene chimalowerera ndi koko, amene ku Zimbabwe amati madhumbe. Anthu ambiri kuno amamuphatikiza ndi chilazi, koma pa chithunzi ndi wosavuta: ndi wamfupi, wozungulira kapena wonga dzira, ali ndi mikombero yopingasa yoonekeratu ndi ubweya wakhofi, ndipo kumutu kuli diso limodzi lalikulu pomwe panali masamba. Mitundu ina ikadulidwa imaonetsa timizere tapepo m'mnofu woyera.

Amalawi okhala ku Britain amakumana ndi chisokonezo china m'masitolo a zakudya za ku Africa. Chinangwa cha kumeneko chimachokera kutali, chambiri ku Costa Rica, ndipo amachiviika mu phula kuti mpweya usalowe n'kuchidetsa mkati. Pa chithunzi chimanyezimira, chimaoneka chakuda ndi chosalala kuposa cha kumunda, ndipo kufunduka kwa khungu lakunja sikuoneka. Pambali pake pamakhala chilazi cha puna cha ku Ghana, chouma khungu, chosanyezimira, chonenepa kawiri kapena katatu. Kunyezimira kwa khungu pa zitatuzi kumaloza chinangwa chopakidwa phula.

Zapepo nazo zimasokoneza. Ku Philippines kuli chilazi chapepo mkati chotchedwa ube, ndipo ku Okinawa, m'dziko la Japan, kuli mbatata yapepo mkati. Zikaphikidwa n'kupondedwa sizisiyanitsika ndi maso. Zikakhala zaziwisi, chilazicho chili ndi khungu lokhakhala lakuda ndi timizu, podula n'ponanda ndi pa timachenga, pamene mbatatayo ili ndi khungu lopyapyala losalala, podula n'pothinana.

Pamene chithunzi sichingathandize

Zosendasenda ndi zophika zimataya zizindikiro zambiri. Chinangwa chophika chimadziwikabe ndi mtsitsi wake komanso kung'ambika kwake m'litali, ndipo makaka ouma amaonetsa mtsitsi womwewo. Koma zidutswa zoyera za chilazi ndi za mbatata yoyera zili m'mbale imodzi n'zovuta kuzilekanitsa, ndipo zokazinga m'mafuta n'zosatheka. Wofuna yankho lenileni amapempha zithunzi zitatu zija: chathunthu chotsuka chokhala ndi nsonga zonse ndi chinthu choyezera pambali, cha pafupi pakhungu pamene pakandidwa, ndi cha podula mopingasa chojambulidwa mphindi zochepa chidulireni, panja pamthunzi, popanda kuwala kwa foni kumene kumayeretsa mnofu mpaka mtsitsi ndi timachenga kusaoneka.

Pali funso limodzi limene ngakhale zithunzi zitatuzo siziyankha, ndipo ndi limene lingaike moyo pachiswe. Chithunzi chimanena kuti ichi ndi chinangwa, koma sichinena ngati ndi chozizira kapena chowawa. Manyokola, amene ena amamutcha Mbundumali, amadyedwa ongophika ngakhalenso osaphika, pamene Gomani wa kunyanja ndi wowawa ndipo amayenera kusendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa asanakhale ufa wa kondowole. Podula pa mitundu iwiriyi pamaoneka chimodzimodzi, chifukwa poizoni wa sayanaidi amene ali m'chinangwa chowawa alibe mtundu, ndipo chilala chimamuchulukitsa. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo m'nyengo ya chilala atadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira. Alimi amasiyanitsa mitundu poona mtengo, masamba ndi timapesi ta masamba m'munda, komanso podziwa kumene mbewu inachokera. Wogula pa foni ayenera kufunsa dzina la mtundu wake kwa amene analima.

Chilazi chilinso ndi abale ake akutchire, monga mpama, amene anthu amakumba m'chaka cha njala. Ena mwa iwo ali ndi poizoni ndipo amafuna kudulidwa tizidutswa, kuwiritsidwa ndi kutsukuluzidwa m'madzi kwa nthawi yaitali asanadyedwe. Pa chithunzi ali ndi khungu lokhakhala, timizu ndi mnofu wonanda mofanana ndi chilazi cha m'munda. Chilazi chimene sichinakumbidwe m'munda wodziwika chimafunika kuonedwa ndi mlangizi wa zaulimi kapena munthu wa m'deralo amene amachidziwa, chili ndi tsinde ndi masamba ake, chisanalowe mumphika.